Masewera a zala ndi pulogalamu ya liniya: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Lolemba

Lero ndayamba kukonza phunziro la kalabu ya masamu lomwe ndakhala ndikulizengereza kwa milungu ingapo. Ndikufuna kusonyeza momwe masewera a anthu awiri, omwe chimene wina wapeza ndi chomwecho chimene mnzake wataya, amasandulikira pulogalamu ya liniya, yomwe ndi vuto la masamu lokulitsa kapena kuchepetsa nambala ina motsatira malamulo a mizere yowongoka, ndi momwe yankho lake limapezekera. Sindikufuna kupatsa ophunzira tebulo la manambala ongotola m'mutu. Ndasankha masewera oti angathe kusewera okha pakhonde, ndi zala ndi nyemba basi.

Masewerawo amayenda chonchi. Anthu awiri amatulutsa zala nthawi imodzi, aliyense chimodzi kapena ziwiri, n'kuziwonkhetsa. Zikagawika ndi 2 popanda chotsala, ine ndapambana ndipo mnzanga andipatsa nyemba zochuluka ngati zalazo. Pakakhala chotsala, ndine wopereka. Ndikusewera ndi mphwanga. Tebulo la malipiro ndalilemba mowerengera mbali yanga: mizere ndi zosankha zanga, madanga ndi zosankha zake, ndipo nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera ndi nyemba zomwe ndataya.

```
          iye 1   iye 2
ine 1       2      -3
ine 2      -3       4
```

Ataona tebuloli, mphwanga anati: "Achimwene, apa palibe wodyeredwa. Mukawonkhetsa manambala anayiwo mupeza 0." Kuwonkhetsako sanalakwe. Koma 0 ameneyo amabwera pokhapokha tonse tikamasankha theka ndi theka. Ine ndikamasewera theka ndi theka, iye n'kumangotulutsa chala chimodzi, ndizilandira 2 kapena kutaya 3, kutanthauza kuti ndizitaya theka la nyemba pa ulendo uliwonse.

Ndawerengera papepala. Tinene kuti p ndi mwayi woti ndatulutsa chala chimodzi. Iye akatulutsa chimodzi, ndimapeza 5p - 3. Akatulutsa ziwiri, ndimapeza 4 - 7p. Choyambacho chimakwera p akamakula, chachiwiri chimatsika, ndipo zimakumana pa p = 7/12. Pamenepo zonse ziwiri ndi -1/12. Ngakhale nditasewera mochenjera chotani, ndizitaya nyemba imodzi pa maulendo 12 alionse, tikatengera pakatikati. Masewerawa amakondera mphwanga.

Funso lomwe ndizungulirepo sabata ino ndi ili: ine ndikaloledwa kutulutsanso zala zitatu, iye n'kukhalabe ndi chimodzi kapena ziwiri, kodi kukonderako kutha?

Lachiwiri

Tebulo latsopano lili ndi mizere itatu ndi madanga awiri:

```
          iye 1   iye 2
ine 1       2      -3
ine 2      -3       4
ine 3       4      -5
```

Poyamba ndaona ngati pali chosankha chimodzi choti munthu angachikakamire. Choipitsitsa mu mzere uliwonse ndi -3, -3 ndi -5, ndiye ndikakakamira mzere umodzi, chomwe ndingadzitsimikizire ndi -3. Kumbali yake, chachikulu m'danga lililonse ndi 4 ndi 4. Manambala awiriwo, -3 ndi 4, akanafanana, ntchito ikanathera pomwepo, aliyense n'kumangobwereza chosankha chimodzi. Popeza atalikirana, tonse tiyenera kusakaniza.

Tsiku lonse ndakhala pa mfundo imodzi, chifukwa ophunzira akaiphonya imeneyi zotsatira zonse zidzangokhala zoloweza. Ndikufuna kusankha p1, p2, p3, mwayi wa chala chimodzi, ziwiri ndi zitatu, kuti chochepa chomwe ndingapeze chikhale chachikulu momwe chingathere. Vuto ndi loti "chochepa mwa ziwiri" si chinthu cha mzere wowongoka. Ukachijambula chimapindika pomwe mizere yakumana, ngati denga la nyumba. Njira yake ndi kubweretsa nambala ina, v, n'kunena kuti danga lililonse lindipatse zosachepera v, kenako n'kumukankhira v m'mwamba mpaka atakanika. Mmalo mofufuza chochepacho, ndaika pansi poti madanga onse asapitirire kutsika, ndipo pansipo ndi pomwe ndikukweza.

```
kulitsa v
 2*p1 - 3*p2 + 4*p3 >= v
-3*p1 + 4*p2 - 5*p3 >= v
 p1 + p2 + p3 = 1
 p1, p2, p3 >= 0
```

Wophunzira watcheru adzafunsa kuti: nanga mnzanuyo akasakanizanso, malamulo awiri okha akwanira bwanji? Amakwanira, chifukwa kusakaniza kwake kulikonse kumangondipatsa nambala ya pakati pa madanga awiriwo, ndipo nambala ya pakati siingatsike kuposa yochepa mwa ziwirizo. Ukadziteteza ku danga lililonse palokha, wadziteteza ku kusakaniza konse. N'chifukwa chake malamulo amakhala ochuluka ngati madanga basi, kuphatikizapo lija loti mwayi wonse ukwane 1.

Mbiri yake ndiikamo mwachidule. John von Neumann anatsimikiza mu 1928 kuti pa masewera otere, osewera akaloledwa kusakaniza, chachikulu chomwe wina angadzitsimikizire chimafanana ndi chochepa chomwe mnzake angamutsekerepo. Nambala imeneyo ndiyo mtengo wa masewera. George Dantzig anapeza njira ya simpulekisi, yothetsera pulogalamu ya liniya, mu 1947, ndipo chaka chomwecho anakakumana ndi von Neumann ku Princeton, komwe ubale wa masewera ndi pulogalamu ya liniya unaonekera. Dantzig anadzalemba za ubalewu mu 1951.

Lachitatu

Ndalemba pulogalamu yaifupi mu Python, pogwiritsa ntchito `linprog` ya mu SciPy. Imeneyi imachepetsa, siikulitsa, ndiye ndaiuza kuti ichepetse -v. Imafunanso malamulo a mtundu wa "zosapitirira", ndiye lamulo lililonse ndalitembenuza kuti v akhale kumanzere.

Ndayesera pa masewera omwe tonse tili ndi zala zitatu, mizere yake ndi (2, -3, 4), (-3, 4, -5) ndi (4, -5, 6). Yatulutsa p = (0.25, 0.5, 0.25) ndi v = 0. Ndatsimikiza pamanja: danga loyamba ndi 0.5 - 1.5 + 1, lachiwiri ndi -0.75 + 2 - 1.25, lachitatu ndi 1 - 2.5 + 1.5, onse 0. Tonse tikakhala ndi zala zitatu, masewera sakondera aliyense. Ndatseka kompyuta ndili wokhutira.

Lachinayi

Mayeso a dzulo sanayese kanthu. Pulogalamu inali ndi zolakwika ziwiri, ndipo tebulo lomwe ndinasankha linazibisa zonse.

Ndinaika tebulo laling'ono la Lolemba, lomwe yankho lake ndikulidziwa, ndipo `res.status` inabwera 2, kutanthauza kuti palibe manambala okwaniritsa malamulo onse. Masewera otere sangasowe yankho, chifukwa p aliyense amayenda ngati v waikidwa pansi mokwanira. Ndiye chinachake chinkamuletsa v kutsika. Ndi `bounds`. Ukapanda kuilemba, `linprog` imatenga kuti manambala onse osadziwika asatsike pansi pa 0, ndipo v nayenso amagwidwa ndi lamulo lomwelo. Ndaziona papepala: kuti 5p - 3 asatsike pansi pa 0, p ayenera kufika 0.6, ndipo kuti 4 - 7p asatsike, p asapitirire 4/7, yomwe ndi pafupifupi 0.571. Sizingatheke zonse pamodzi. Masewera a dzulo anadutsa chifukwa mtengo wake ndi 0, pa malire penipeni.

Nditakonza icho, ndinaika tebulo la mizere itatu ndi madanga awiri, ndipo NumPy inakana ndi `ValueError` ponena kuti misinkhu siikugwirizana. Ndinali nditalemba `-A` mmalo mwa `-A.T`. Lamulo lililonse limachokera ku danga, osati ku mzere, ndiye tebulo liyenera kutembenuzidwa. Matebulo awiri omwe ndinayamba kuyesa aja ali ndi khalidwe loti mzere woyamba ndi wofanana ndi danga loyamba, wachiwiri chimodzimodzi, moti kuwatembenuza sikusintha kanthu. Cholakwika ichi n'choopsa kuposa choyamba. Pa tebulo la mizere itatu ndi madanga atatu lopanda khalidwe limenelo, pulogalamu ikanatulutsa manambala ooneka abwino a masewera ena, osadandaula kalikonse.

Yokonzedwa ndi iyi:

```python
import numpy as np
from scipy.optimize import linprog

def yankha(A):
    m, n = A.shape
    c = np.r_[np.zeros(m), -1]
    A_ub = np.c_[-A.T, np.ones(n)]
    A_eq = [np.r_[np.ones(m), 0]]
    malire = [(0, None)] * m + [(None, None)]
    res = linprog(c, A_ub=A_ub, b_ub=np.zeros(n), A_eq=A_eq,
                  b_eq=[1], bounds=malire, method="highs")
    return res.x[:m], -res.ineqlin.marginals, -res.fun
```

Imabweza zitatu: kusakaniza kwanga p, kusakaniza kwa mnzanga q, ndi v. Ndawonjezanso cheke chosadalira `linprog` konse. Ndimawerengera `(p @ A).min()`, chochepa chomwe p wanga amanditsimikizira, ndi `(A @ q).max()`, chachikulu chomwe q wake amandilola. Ziwirizi zikafanana, yankho ndi loona mosatengera kuti lachokera kuti, chifukwa ine sindingatsike pansi pa nambalayo ndipo iye sangandilole kuipitirira. Mayeso atsopano ndi matebulo atatu: la mtengo wa pansi pa 0, la mtengo wa 0, ndi lomwe mizere ndi madanga ake sizifanana kuchuluka.

Lachisanu

Yankho la funso la Lolemba lapezeka: p = (0, 0.5625, 0.4375), q = (0.5625, 0.4375), v = 0.0625. Mu tizigawo, ine nditulutse zala ziwiri pa maulendo 9 mwa 16 ndi zitatu pa maulendo 7 mwa 16, ndipo mtengo wa masewera ndi 1/16. Chala chachitatu sichingothetsa kukondera, chimakutembenuzira mbali yanga. Ndachoka pa kutaya nyemba imodzi pa maulendo 12 kufika pa kupeza imodzi pa maulendo 16.

Chomwe chandigwira mtima ndi 0 uja. Pulogalamu ikuti chala chimodzi ndisamachitulutse konse, pomwe Lolemba ndicho chinali chosankha changa chachikulu, maulendo 7 mwa 12. Ndinayamba ndakayika, chifukwa ukayang'ana mizereyo iwiriiwiri palibe woposa mnzake m'madanga onse. Mzere woyamba umaposa wachiwiri m'danga loyamba, 2 kuyerekeza ndi -3, ndipo umaposa wachitatu m'danga lachiwiri, -3 kuyerekeza ndi -5. Lamulo lomwe ophunzira amalidziwa, loti chotsa mzere womwe waposedwa ndi wina paliponse, silikanaukhudza.

Womwe ukuuposa si mzere wina koma chisakanizo. Tenga gawo limodzi mwa anayi la mzere wachiwiri ndi magawo atatu a mzere wachitatu. M'danga loyamba upeza -0.75 + 3, yomwe ndi 2.25, yoposa 2. M'danga lachiwiri upeza 1 - 3.75, yomwe ndi -2.75, yoposa -3. Ndiye chilichonse chomwe chala chimodzi chikanandichitira, chisakanizo cha ziwiri ndi zitatu chimachichita bwino koposa. Ndi maso okha sindikanaziona, ndipo ichi ndicho ndidzayambire nacho phunziro, chifukwa chikusonyeza chomwe pulogalamu ya liniya imapeza chomwe kuyang'ana tebulo sikupeza.

Kuchokera mbali ya mphwanga zimaonekanso. Iye akasewera q wake, mzere wachiwiri ndi wachitatu umandipatsa 1/16 uliwonse, koma woyamba umandipatsa 18/16 - 21/16, yomwe ndi -3/16. Ukuchepa ndi 4/16. Mzere womwe ukupereka zochepera mtengo wa masewera sulandira mwayi uliwonse m'yankho, ndipo mizere yonse yomwe ikugwiritsidwa ntchito imapereka mtengowo ndendende.

Chenjezo loti ndilembe pa bolodi: manambala 9/16 ndi 7/16 aoneka kwa tonse awiri chifukwa cha tebulo ili lokha. Mizere iwiri yotsalayo, (-3, 4) ndi (4, -5), ili ndi khalidwe lija losasintha ikatembenuzidwa. Pa masewera ambiri p ndi q amasiyana.

Loweruka

Magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndiye ndachita simpulekisi pamanja, zomwe ndimayenera kuchita ndithu popeza m'kalasi mulibe makompyuta okwanira.

Pamanja, v woti akhoza kutsika pansi pa 0 amavuta. Njira yodziwika ndi kugawa zonse ndi v kuti achoke, koma imayenda pokhapokha v ali pamwamba pa 0. Ndayesa dala pa tebulo la Lolemba osakonza kanthu. Tikati x1 = p/v ndi x2 = (1 - p)/v, malamulo amakhala 2x1 - 3x2 >= 1 ndi -3x1 + 4x2 >= 1. Ukachulukitsa loyamba ndi 3, lachiwiri ndi 2, n'kuwonkhetsa, umapeza -x2 >= 5, zosatheka. Kugawa ndi nambala ya pansi pa 0 kumatembenuza zizindikiro, ndipo ndi 0 sungagawe n'komwe. Mankhwala ake ndi kuwonjeza nambala imodzi pa malipiro onse kuti onse akhale pamwamba pa 0. Zili ngati mnzako akukupatsa nyemba zimenezo ulendo uliwonse musanatulutse zala: mtengo umakwera ndi nambalayo, koma kasankhidwe kabwino sikasintha. Ndawonjeza 6, ndipo mizere yakhala (8, 3), (3, 10) ndi (10, 1).

Ndatenga mbali ya mphwanga, chifukwa ili ndi manambala osadziwika awiri okha ndipo poyambira pake ndi paulere. Iye akufuna mzere uliwonse usandipatse zoposa V, mtengo watsopano, ndipo V akhale wochepa. Tikati y1 = q1/V ndi y2 = q2/V, ndiye y1 + y2 = 1/V, ndipo kuchepetsa V n'chimodzimodzi kukulitsa y1 + y2.

```
kulitsa y1 + y2
 8*y1 +  3*y2 + s1 = 1
 3*y1 + 10*y2 + s2 = 1
10*y1 +    y2 + s3 = 1
```

Ma s atatuwo ndi mpata wotsala mu lamulo lililonse. Poyamba y1 ndi y2 ali pa 0, mipata yonse ili pa 1.

Sitepe yoyamba ndakweza y1. Lamulo loyamba limamulola kufika 1/8, lachiwiri 1/3, lachitatu 1/10. Chochepa ndi 1/10, ndiye mpata wachitatu ndi womwe watsekeka. Chiwonkhetso tsopano ndi 1/10, ndipo chikalembedwanso chimakhala 1/10 + (9/10)y2 - (1/10)s3. Popeza y2 ali ndi nambala yowonjezera patsogolo pake, kumukweza kupindula.

Sitepe yachiwiri ndakweza y2. Apa pamafunika kusamala, chifukwa y2 akamakwera y1 amatsika pang'ono kuti lamulo lachitatu likhalebe lokwanira. Mpata woyamba ndi 2/10 - (22/10)y2, womwe umatha pa 1/11. Wachiwiri ndi 7/10 - (97/10)y2, womwe umatha pa 7/97. Manambala awiriwa ayandikana, 0.091 ndi 0.072, ndipo wophunzira wothamanga akhoza kutenga wolakwika. Akatero, mpata wachiwiri udzatsika pansi pa 0, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro choti abwerere. Wochepa ndi 7/97. Ndiye y2 = 7/97, y1 = 9/97, ndipo mzere wa pansi wakhala:

```
y1 + y2 = 16/97 - (9/97)*s2 - (7/97)*s3
```

Palibenso choti ukachikweza chiwonkhetso n'kukula, ndiye tafika. V ndi 97/16. Kuchotsa 6 uja, yemwe ndi 96/16, kwatsala 1/16. Kuchulukitsa ma y ndi 97/16 kwapereka q = (9/16, 7/16), monga kompyuta inanenera.

Ndinakhala nthawi ndikuyang'ana mzere wa pansiwo. Ndinathetsa vuto la mphwanga lokha, koma yankho langa lili momwemo. Patsogolo pa s2 pali 9/97, pa s3 pali 7/97, ndipo s1 mulibe. Ukachulukitsa ndi 97/16 umapeza (0, 9/16, 7/16), p wanga. Pulogalamu yanga ndi yake ndi mapasa: malamulo a wina ndi manambala osadziwika a mnzake, ndipo zimakumana pa mtengo umodzi. Chomwe von Neumann anatsimikiza chikuoneka papepala lomweli. Ndi komwenso `marginals` ija imatenga q popanda kuthetsa pulogalamu yachiwiri. Mpata woyamba watsala 4/97, ndipo ukauchulukitsa ndi 97/16 ndi 4/16, kuchepa kuja kwa chala chimodzi komwe ndinapeza dzulo.

Lolemba lotsatira

Dzulo madzulo tinasewera zenizeni. Munthu sangasakanize bwino ndi mutu wake, amagwera m'chizolowezi chomwe mnzake amachigwira. Ndinatola zitsekerero za mabotolo 16, n'kulemba 2 mkati mwa 9 ndi 3 mkati mwa 7, n'kuziika m'kachikwama. Ulendo uliwonse ndinkatola chimodzi, kuchiyang'ana mobisa, kuchibwezera, n'kukhutchumula. Kubwezerako n'kofunika, apo ayi mnzako akhoza kuwerenga zomwe zatuluka n'kudziwa zotsala. Mphwanga anali ndi kachikwama kake.

Pa maulendo 160 ndinkayenera kupeza nyemba pafupifupi 10, koma ndinatha nditataya. Mphwanga anati, "Achimwene, masamu anu aja akanika." Sanakanike, koma anali ndi chifukwa chonenera choncho, ndipo ndinawerengera kuti ndimuyankhe bwino. Ulendo uliwonse umasuntha nyemba 3, 4 kapena 5, pomwe phindu langa ndi 1/16 chabe. Kumwazikana kwa ulendo umodzi ndi pafupifupi nyemba 4, ndipo pa maulendo 160 kumafika pafupifupi 50. Phindu la 10 limamira mmenemo. Kuti phindu likule kawiri kuposa kumwazikanako pafunika maulendo pafupifupi 16,000. Ndiye m'kalasi sindidzagwiritsa ntchito masewera enieni ngati umboni wa 1/16. Tidzasewera kuti ophunzira amve malamulo, koma umboni udzakhala cheke chija cha chochepa ndi chachikulu.

Pali chinanso chomwe mphwanga anatulukira yekha. Anafunsa chomwe chingachitike akataya kachikwama n'kumasewera theka ndi theka. Ine ndikakhalabe ndi p wanga, ndizipezabe 1/16, chifukwa madanga onse awiri amandipatsa zofanana. Koma ndikadziwa kuti akutero n'kumangotulutsa zala ziwiri, ndizipeza theka la nyemba pa ulendo, kuchulukitsa kasanu ndi katatu. Yankho la pulogalamu ya liniya limanditeteza kwa mnzanga wochenjera, koma silikolola zolakwa za wosasamala, ndipo ndikangochoka pa p kuti ndikolole, nanenso ndatseguka. Ndikakakamira zala ziwiri iye n'kuzindikira, adzangotulutsa chimodzi ndipo ndizitaya 3 ulendo uliwonse.

Zotsala sabata ino ndi kulemba masitepe awiri a simpulekisi pa pepala limodzi loti lisindikizidwe, ndi kukonza ntchito ya ophunzira. Ndiwapatsa masewera omwewo motembenuza, mphwanga ndi zala zitatu, ine ndi ziwiri. Tebulo lake ndi mizere (2, -3, 4) ndi (-3, 4, -5). Ndikufuna aone okha kuti ndi danga liti lomwe lidzalandire 0, asanayambe kuwerengera, kenako atsimikize ndi simpulekisi atawonjeza 6.